Mmene mungasiyanitsire katundu wokomera onse ndi chuma chogawana pa mayeso a zachuma

Pa mafunso osankha yankho, ophunzira ambiri amataya malikisi pa mutu uwu ngakhale atawerenga mokwanira, chifukwa mitundu iwiriyi imafanana pa mbali imodzi yaikulu. Katundu wokomera onse, monga chitetezo cha dziko, ndi chuma chogawana, monga nsomba za m'nyanja yaikulu, zonse n'zinthu zimene simungathe kuletsa munthu wosalipira kuti asapindule nazo. Wolemba mayeso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaziika moyandikana, china pa A china pa B. Mukangofunsa kuti "kodi aliyense angachipeze popanda kulipira?", mayankho onse awiri aoneka olondola. Chimene chimazilekanitsa ndi funso lachiwiri: munthu mmodzi akachigwiritsa ntchito, kodi chotsalira mnzake chimachepa?

Choyamba: chotsani m'maganizo nkhani ya amene amapereka chinthucho

Musanawerenge mayankho, kumbukirani kuti dzina lakuti katundu wokomera onse silitanthauza chinthu chilichonse choperekedwa ndi boma, kapena chilichonse chimene anthu amalandira mwaulere. Limanena za chikhalidwe cha chinthucho. Boma likhoza kugawa mabuku a sukulu kwaulere, koma buku limene mwana mmodzi wapita nalo kunyumba silingakhalenso m'manja mwa mwana wina nthawi yomweyo, ndipo n'zotheka kumukaniza munthu buku. Choncho bukulo ndi katundu wa munthu payekha ngakhale lalipiridwa ndi misonkho. Kumbali inayi, kampani ikhoza kuulutsa mawu pa wailesi imene aliyense angatchere, ndipo zoulutsidwazo ndi katundu wokomera onse ngakhale boma silinaikepo ndalama.

Katswiri wa zachuma Paul Samuelson ndiye anakhazikitsa bwino ganizoli m'chaka cha 1954, ndipo chimene anatsindika n'chakuti munthu wina akamapindula ndi chinthu chotere sachepetsa phindu la mnzake. Sanayambire pa funso la mwini wake kapena wolipira.

Chachiwiri: funsani mafunso awiri pa yankho lililonse

Funso loyamba ndi la kuletsa. Kodi pali njira yotheka, yosadya ndalama zambiri, yoletsera munthu amene sanalipire? Tikiti, mpanda, loko, nambala yachinsinsi ndi mita ndi zizindikiro zoti kuletsa kulipo. Mawu akuti "yosadya ndalama zambiri" ndi ofunika, chifukwa pafupifupi chilichonse chingathe kutchingidwa mutawononga chuma chochuluka. Nyali ya mumsewu mungaiikire mlonda wothamangitsa osalipira, koma malipiro a mlondayo angapose mtengo wa nyaliyo.

Funso lachiwiri ndi la kulandana. Yerekezani kuti pabwera munthu mmodzi wowonjezera. Kodi amene analipo kale ataya kanthu? Mwana akabadwa lero, asilikali oteteza malire samuteteza pochotsera munthu wina chitetezo. Koma msodzi wina akagwira nsomba, nsomba imeneyo yachoka m'madzi ndipo palibe winanso adzaigwire.

Mayankho a mafunso awiriwa amapereka magulu anayi. Lembani kandandanda aka m'mphepete mwa pepala mukangoona funso la mutu umenewu:

| | Pali kulandana | Palibe kulandana |
|---|---|---|
| Kuletsa n'kotheka | katundu wa munthu payekha | katundu wa kalabu |
| Kuletsa n'kosatheka | chuma chogawana | katundu wokomera onse |

Mzere wapansi ndi umene uli ndi msampha. Funso la kuletsa lingakuthandizeni kuchotsa mayankho a mzere wapamwamba, ndipo kawirikawiri amakhala awiri mwa anayi. Likatero ntchito yake yatha. Pa mayankho awiri otsalawo, kulandana kokha ndi kumene kungagamule.

Chachitatu: mvetsani vuto la odya zaulere ndi manambala

Wodya zaulere ndi munthu amene amapindula ndi chinthu koma sasonkhako, podziwa kuti palibe angamuletse. Ophunzira amalemba tanthauzo limeneli mosavuta, koma mafunso ovuta amafuna kuti muonetse chifukwa chake msika umalephera, ndiye tiyeni tiwerengere.

Pali nyumba zinayi m'mbali mwa msewu wamdima. Kuika nyali imodzi kukufunika mayunitsi 60 a ndalama. Banja loyamba likuona kuti kuwalako n'koyenera mayunitsi 40 kwa ilo, lachiwiri 30, lachitatu 20, lachinayi 10. Popeza onse aona kuwala kumodzimodziko nthawi imodzi, phindu la nyaliyo timalipeza powonkhetsa: 40 + 30 + 20 + 10 = 100. Phindu la 100 likuposa mtengo wa 60, choncho nyaliyo ndi yoyenera kuikidwa, ndipo mabanjawa apindula 40 pamwamba pa zimene awononga.

Komabe palibe banja limene lingagule nyaliyo palokha, chifukwa ngakhale loyamba lija silingapereke 60 pa chinthu chimene kwa ilo n'cha 40. Akafuna kusonkha mofanana, banja lililonse lipereka 15, ndipo lachinayi likana chifukwa 15 ikuposa 10. Akagwirizana kuti aliyense apereke molingana ndi phindu lake, pabuka vuto lina: ndani adziwe phindu lenileni la mnzake? Banja lachiwiri liwerengera kuti popanda ilo enawo ali ndi 40 + 20 + 10 = 70, zomwe zikukwanabe kugula nyali. Ndiye linena kuti silituluka usiku, kuwalako kulibe nako ntchito. Lachitatu liwerengera chimodzimodzi n'kupeza 80. Banja lililonse palokha likuganiza mwanzeru, koma onse akaganiza motero ndalama sizikwana ndipo msewu ukhalabe mumdima.

Pamenepa pali mfundo ziwiri zimene zimabwera pa mayeso. Yoyamba ndi yakuti zotsatira za vutoli ndi kuperewera: chinthucho chimapangidwa chochepa kuposa chofunika, kapena sichipangidwa n'komwe. Yachiwiri ndi kawonkhetsedwe. Pa katundu wa munthu payekha timatenga mtengo umodzi n'kuwonkhetsa kuchuluka kumene aliyense angagule, ndiye pa girafu timawonkhetsa chopingasa. Pa katundu wokomera onse timatenga kuchuluka kumodzi n'kuwonkhetsa ndalama zimene aliyense angalole kupereka, ndiye timawonkhetsa chokwera m'mwamba. Mulingo woyenera uli pamene phindu lowonjezera, MB, la anthu onse pamodzi lafanana ndi mtengo wowonjezera, MC:

MB₁ + MB₂ + … + MBₙ = MC

Funso likakupatsani nyali yachiwiri imene phindu lake ndi 20, 15, 10 ndi 5, muwonkhetsa mupeza 50. Popeza 50 ndi yochepa kuposa 60, nyali yoyenera ndi imodzi yokha. Cholakwa chofala apa ndi kuphatikiza phindu la nyali zonse ziwiri, 150, n'kuliyerekeza ndi mtengo wa zonse, 120, kenaka n'kunena kuti ziwiri zikuyenera. Nyali iliyonse iyenera kuweruzidwa payokha.

Mancur Olson anaonetsa m'chaka cha 1965 kuti vutoli limakula gulu likamakula. Pa mabanja anayi, wokana kusonkha amadziwika ndipo manyazi amagwira ntchito. Pa anthu mamiliyoni, chopereka cha munthu mmodzi sichisintha kanthu ndipo palibe akumuona. Ichi n'chifukwa chake yankho la mabuku pa katundu wotere limakhala msonkho wokakamiza, osati zopereka zaufulu.

Chachinayi: onani kuti chuma chogawana chimadwala matenda ena

Pa chuma chogawana chinthucho chimakhala chilipo kale, nthawi zambiri mwachilengedwe: nsomba, msipu, nkhalango, madzi apansi pa nthaka. Palibe akufunsidwa kusonkha kuti chikhalepo. Vuto ndi loti aliyense amatapa mopitirira, chifukwa phindu la kutapako ndi lake yekha pamene kuwonongeka kumagawidwa kwa onse.

Taganizani nyanja imene aliyense angalowemo ndi boti. Kuyendetsa boti limodzi pa nyengo kumadya mayunitsi 55. Boti likakhala limodzi, nsomba zogwidwa ndi za mayunitsi 100. Akakhala awiri zonse pamodzi ndi 180, atatu 240, anayi 280, asanu 300. Onani kuti boti lililonse lowonjezera likubweretsa zochepa: 100, kenaka 80, 60, 40, 20. Kwa anthu onse pamodzi, boti lachitatu ndi lomaliza loyenera, popeza likuwonjezera 60 pa mtengo wa 55, pamene lachinayi likuwonjezera 40 yokha. Pa maboti atatu, zotsala mutachotsa zowononga ndi 240 − 165 = 75.

Koma mwini boti lachinayi sayang'ana 40 imeneyo. Iye amayang'ana gawo lake, lomwe ndi 280 ÷ 4 = 70, ndipo 70 ikuposa 55, ndiye alowa. Wachisanu aona 300 ÷ 5 = 60, nayenso alowa. Pa 60 imene wachisanuyu watenga, 20 yokha ndi nsomba zowonjezera. Yotsalayo, 40, walanda kwa anzake anayi aja, amene aliyense watsika kuchoka pa 70 kufika pa 60. Kulandana kuja ndi kumeneku, ndipo zotsala za gulu lonse zagwa kufika pa 300 − 275 = 25. Chiwerengerochi sichinaphatikize n'komwe kuchepa kwa nsomba zoswana chaka chotsatira.

Garrett Hardin anatchukitsa vutoli m'chaka cha 1968 pogwiritsa ntchito chitsanzo cha abusa owonjezera ziweto pa msipu wa onse, ndipo kuchokera pamenepo limatchedwa tsoka la chuma chogawana. Chitsanzo chenicheni chimene mabuku amakonda ndi cha m'chaka cha 1992, pamene boma la Canada linatseka usodzi wa nsomba za mtundu wa khodi kufupi ndi Newfoundland nsombazo zitatsala pang'ono kutheratu, anthu masauzande ambiri n'kutaya ntchito.

Tsono mukhoza kugwiritsa ntchito matendawo ngati umboni wachiwiri. Nkhani ya m'funso ikamanena za anthu okana kusonkha, kampani yolephera kutolera ndalama, kapena chinthu chofunika chimene palibe akuchipanga, mukuyang'ana katundu wokomera onse. Ikamanena za kutha, kuchepa chaka ndi chaka, kudzaza, kuthinana kapena kuthamangira kutapa ena asanafike, mukuyang'ana chuma chogawana. Mankhwala ake amasiyananso. Koyamba mankhwala amakhala opezera ndalama zopangira chinthucho, monga msonkho. Kwachiwiri amakhala ochepetsa katapidwe, monga malire a zogwidwa, ziphaso, nyengo yotseka, chindapusa kapena kupereka umwini. Yankho lonena kuti boma liike malire a kuchuluka kwa chitetezo chimene nzika iliyonse ingagwiritse ntchito n'lopanda tanthauzo, ndipo kupanda tanthauzoko kukuuzani kuti mankhwala aikidwa pa matenda olakwika.

Funso lathunthu

N'chiti mwa izi chimene chili katundu wokomera onse?

A. Madzi apansi pa nthaka amene alimi ambiri amapopa popanda malire
B. Matchanelo a wailesi ya kanema olipira pamwezi
C. Sairini yochenjeza mzinda za kusefukira kwa madzi
D. Katemera woperekedwa ndi boma kwaulere

Yambani ndi kuletsa. Pa B kampani imatseka chithunzi kwa amene sanalipire, choncho B wachoka. Woonera wina sachepetsa chithunzi cha mnzake, ndiye B ndi katundu wa kalabu, gulu limene James Buchanan analifotokoza m'chaka cha 1965. Pa D namwino akhoza kumubweza munthu, ndipo mlingo wa katemera umene wabayidwa mmodzi sungabayidwenso wina, choncho D ndi katundu wa munthu payekha. D ndiye amakola ophunzira ambiri, chifukwa muli mawu akuti boma ndi kwaulere. N'zoona kuti katemera amateteza ngakhale anthu osabayidwa pochepetsa kufala kwa matenda, koma limenelo ndi phindu lofikira ena, ndipo lili ndi mutu wake. Funso likadanena za kuthetseratu nthenda m'dziko, yankho likadasintha, chifukwa dziko lopanda nthendayo limapindulira aliyense mosalandana. Koma funsoli lanena za katemera weniweniyo.

Zatsala A ndi C, zonse zosatheka kuletsa. Bweretsani munthu wowonjezera. Mlimi wina akakumba chitsime n'kuyamba kupopa, madzi amatsika ndipo zitsime za anzake zimayamba kuuma, ndiye A ndi chuma chogawana. Munthu wina akasamukira mumzindamo, amamva sairini popanda kuchotsera wina aliyense mawu ake. Yankho ndi C.

Mayankho amene amasintha gulu

Zinthu zina sizikhala m'bokosi limodzi, ndipo pa izi musaloweze dzina la chinthu, werengani mawu ofotokoza amene ali pambali pake. Msewu ndiwo chitsanzo chachikulu, chifukwa umalowa m'mabokosi onse anayi. Msewu wopanda geti lolipira komanso wopanda magalimoto ambiri ndi katundu wokomera onse. Ukadzaza, galimoto iliyonse yowonjezera imachedwetsa zinzake, ndiye wasanduka chuma chogawana. Wokhala ndi geti koma wosadzaza ndi wa kalabu, ndipo wokhala ndi geti n'kudzazanso umawerengedwa ngati katundu wa munthu payekha. Mzinda wa London utayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda m'chaka cha 2003, unali kubweretsa kuletsa pa chinthu chimene kulandana kunalipo kale. Choncho mawu ngati "wodzaza", "nthawi ya m'mawa anthu akupita kuntchito" kapena "wolipira" sanaikidwe mwangozi. Paki ndi gombe zimatsata lamulo lomweli.

Chidziwitso nachonso chimafuna kusamala. Mfundo ya masamu ikangofalitsidwa, aliyense angaigwiritse ntchito ndipo siitha. Koma luso limene lili ndi chiphaso cha umwini limatetezedwa ndi lamulo, ndiye kuletsa kwalowa ngakhale kulandana kulibe. Apa mukuona kuti kuletsa kumatha kusinthidwa ndi lamulo kapena makina, pamene kulandana kumachokera m'chinthu chenichenicho ndi kuchuluka kwa ochigwiritsa ntchito.

Mpweya wabwino ndi umene umasokoneza kwambiri, ndipo mabuku amauika mosiyana. Yang'anani chimene anthu a m'funsolo akuchita. Ngati mafakitale akutayira utsi mumlengalenga n'kuwononga mpweya wa ena, akutapa mphamvu yochepa imene mlengalenga uli nayo yolandira zonyansa, ndipo funsolo likufuna chuma chogawana. Ngati nkhani ndi ya amene alipire ntchito yoyeretsa mpweya imene onse adzapindule nayo, likufuna katundu wokomera onse ndi vuto la odya zaulere. Kusiyanitsa komweku kumathandiza pa nsomba: nsombazo ndi chuma chogawana, koma ntchito yolondera nyanja kuti malamulo atsatidwe imapindulira msodzi aliyense, wosonkha ndi wosasonkha yemwe. N'chifukwa chake mungapeze odya zaulere m'nkhani ya usodzi popanda nsombazo kusintha gulu.

Nsanja younikira sitima zapamadzi imabwera kawirikawiri, ndipo pa funso losankha yankho itengeni ngati katundu wokomera onse. Pa funso lolemba nkhani mungawonjeze kuti Ronald Coase analemba m'chaka cha 1974 kuti nsanja zina za ku Britain zinkamangidwa ndi anthu wamba, ndalama zake n'kumatoleredwa pa madoko. Mfundo imeneyi ndi yabwino pa zokambirana, koma isakuchititseni kukayika pamene mayankho enawo ndi buledi, tikiti ya basi ndi msipu.

Mawu a m'ziganizo za zoona kapena zabodza

Mafunso ena sapereka zinthu koma ziganizo, ndipo zitatu zimabwerabwera. Chiganizo chakuti katundu wokomera onse alibe mtengo n'chabodza. Kumanga khoma loteteza mzinda ku madzi osefukira kumadya ndalama zambiri. Chimene chilibe mtengo ndi kuwonjezera munthu mmodzi wotetezedwa khomalo litamangidwa kale. Kusiyana kwa mtengo wopangira ndi mtengo wa wogwiritsa ntchito wowonjezera ndi kumene wolemba mayeso akuyesa.

Chiganizo chakuti vuto la odya zaulere limayamba chifukwa chosalandana nachonso sicholondola. Limayamba chifukwa chosatheka kuletsa. Matchanelo olipira aja alibe kulandana, koma kampani imatolera ndalama zake bwinobwino chifukwa ili ndi njira yotsekera.

Chachitatu n'chakuti chuma chogawana chimawonongeka nthawi zonse pokhapokha boma litachilanda kapena chitagulitsidwa kwa munthu mmodzi. Chenjerani ndi mawu akuti "nthawi zonse". Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma m'chaka cha 2009, anafufuza magulu a anthu amene asamala msipu, nkhalango ndi ngalande zothirira kwa zaka mazana ambiri, monga alimi a m'mapiri a ku Switzerland ndi othirira a ku Spain. Maguluwo anali ndi malire odziwika a amene ali ndi ufulu wotapa, malamulo opangidwa ndi ogwiritsa ntchito eniake, anthu oyang'anira, ndi zilango zoyamba pang'ono n'kumakwera munthu akabwereza. Tsoka limene Hardin anafotokoza limagwa pamene aliyense angalowe popanda lamulo lililonse. Choncho mukapatsidwa yankho lakuti chuma chogawana chimakhala pa chiopsezo chotapidwa mopitirira ngati palibe malamulo a katapidwe, ndi lina lakuti chimatha nthawi zonse, sankhani loyambalo.